Foni ya 50MP ikugonja kwa ya 12MP: ndiwonjezere ndalama nditenge ya 108?

Nabanda wa Zitenje: Abale anga, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama kachiwiri. Ndimagulitsa zitenje ndi madiresi, ndipo makasitomala ambiri amandipeza chifukwa cha zithunzi zomwe ndimaika pa WhatsApp. Mwezi wathawu ndinagula foni yatsopano, pa katoni analemba 50MP ndi zilembo zikuluzikulu, ine nkumati basi zanga zayera. Masana pakhonde imajambula bwino, sindinama. Koma ndikajambula m'shopu madzulo nditayatsa babu, chitenje chimatuluka ngati achiwaza mchenga, maluwa ake osaoneka malire. Dzulo mlamu wanga anajambula chitenje chomwecho, pamalo omwewo, ndi iPhone 13 yake yomwe akuti ndi ya 12MP yokha. Chithunzi chinatuluka mpaka ulusi kumaoneka. Ndiye 12 angapose bwanji 50? Yemwe anandigulitsa akuti ndibweze foniyi, ndiwonjezere ndalama, andipatse ya 108MP. Ndichite?

Chikondi Mafoni: Mayi, tengani ya 108 musachedwe. Ine mafoni ndimawagwira tsiku ndi tsiku, ndipo ya 108 ndi 50 sizifanana olo pang'ono. Za iPhone musamayerekeze, ija ndi ya mtengo wina.

Malume Jere: Kodi si kuti memore yadzaza? Yanga ikadzaza imachedwa kujambula, mwana wanga amafufuta mavidiyo a kwaya ndiye imayambiranso bwino. Yesani kufufuta kaye, mayi.

Nabanda wa Zitenje: Ayi malume, malo alipo ambiri, foniyi ndi yatsopano. Vuto si kuchedwa, ndi maonekedwe a chithunzicho.

Bambo Mbewe: Mayi Nabanda, musabweze kaye. Ine ndajambula maukwati ndi zinkhoswe kwa zaka zambiri, ndipo nkhani imeneyi yandipeza kangapo. Ndikupempheni zinthu ziwiri. Choyamba, tsegulani chithunzi cha madzulocho, mupeze pomwe alemba Details, mutiwerengere manambala onse omwe ali pamenepo. Muchitenso chimodzimodzi ndi chithunzi chimodzi cha masana pakhonde. Chachiwiri, lembani dzina la foni yanu pa webusaiti ya za mafoni ya GSMArena, muone mzere wa kamera yaikulu. Pamakhala manambala atatu omwe pa katoni salemba: wina woyamba ndi f, wina wooneka ngati 1/2.76", wina wothera ndi µm. Tibweretsereni amenewo.

Nabanda wa Zitenje: Ndapeza bambo. Cha madzulo: 4080 x 3072, f/1.8, 1/25, ISO 800. Cha masana: 4080 x 3072, f/1.8, 1/500, ISO 50. Pa kamera alemba 50 MP, f/1.8, 1/2.76", 0.64µm. Ine apa ndangoona manambala basi, mutu wayamba kale kutentha.

Tadala: Anti, ndangochulukitsa 4080 ndi 3072, yatuluka 12.5 miliyoni. Ndiye kuti zithunzi zanu zonse zomwe mwakhala mukujambula ndi za 12MP, osati 50. Inu ndi alamu anuwo muli pa nambala imodzi 😂

Nabanda wa Zitenje: Iii Tadala, ndiye kuti anandibera?

Bambo Mbewe: Sanakubereni, mayi, ma pikiseli 50 miliyoni alimodi. Kungoti foniyo imawaphatikiza anayianayi kukhala amodzi, ndipo ikuchita bwino kutero. Ndifotokoze ndi munda, poti tonse timaudziwa. Kumbuyo kwa lenzi kuli kambale kakang'ono komwe kamalandira kuwala, ndiko timati sensa. Kambaleko ndi munda, ndipo kuwala ndi zokolola. Bambo akasiya munda wa ekala imodzi, ana akhale 12 kapena 50, chimanga chotuluka m'mundamo ndi chomwecho. Ana akachuluka, aliyense amangolandira kachigawo kakang'ono. Ma megapikiseli akukuuzani kuchuluka kwa ana, sakukuuzani kukula kwa munda.

Tsono nambala ija ya 0.64µm ndi kukula kwa chigawo cha mwana mmodzi. Pa iPhone 13 nambala imeneyo ndi 1.7µm. Mukawerengera, sensa yanu ndi pafupifupi mamilimita 5.2 m'litali ndi 3.9 m'lifupi, pomwe ya alamu anu ndi pafupifupi 6.9 ndi 5.1. Zonse ndi zazing'ono kuposa chikhadabo cha chala chakanise, koma ya alamu ndi yokulirapo ndithu. Masana kuwala kumakhala kwa mwanaalirenji, munda waung'ono ndi waukulu yonse imadzaza nkhokwe, nchifukwa chake pakhonde simuona kusiyana. Madzulo ndi chaka cha chilala. Pamenepo ndi pomwe wa munda waukulu amaonekera. Mchenga womwe mukuuona pa chitenje si fumbi ayi, ndi foni ikuyesa kukuza kakuwala kochepa komwe yapeza, monga momwe wailesi imachitira phokoso ukaikweza siteshoni ili kutali.

Kondwani wa ku Joni: Bambo Mbewe ndimakulemekezani koma apa ndikana. Ine ndili ndi Galaxy S23 Ultra, 200MP, ndipo usiku imajambula ngati masana. Ngati ma megapikiseli alibe ntchito, bwanji foni yodula chonchi anaiikira ochuluka kuposa onse?

Bambo Mbewe: Achimwene, inunso onani Details pa chithunzi chanu cha usiku, mutiuze.

Kondwani wa ku Joni: 4000 x 3000. Eh. Imeneyi ndi 12MP?

Tadala: Ndi 12 yomweyo achimwene, takulandirani ku gulu lathu 😂

Bambo Mbewe: Yanuyo imaphatikiza ma pikiseli 16 kukhala amodzi, pokhapokha mutasankha nokha 50MP kapena 200MP pamwamba pa sikirini. Usiku imajambuladi bwino, sindikutsutsa. Koma chifukwa chake ndi chakuti sensa yake ndi ya 1/1.3", yaikulu kuposa ya Mayi Nabanda katatu ndi theka. Munda wanu ndi waukulu, achimwene, ndipo mukanakolola zambiri ngakhale ana akanakhala 12 okha.

Tadala: Ine ndimakonda masamu ndiye ndayesa kupeza kukula kwa mundawo pandekha. Ndaona kuti nzosavuta: mutenge nambala ya µm, muichulukitse ndi iyo yomwe, kenako ndi ma megapikiseli. Yankho limatuluka mu masikweya milimita.

```
50 x 0.64 x 0.64 = 20.5
12 x 1.7 x 1.7   = 34.7
200 x 0.6 x 0.6  = 72
```

Woyamba ndi wa anti, wachiwiri ndi wa alamu awo, wachitatu ndi wa achimwene a ku Joni. Bambo Mbewe, ndalondola?

Bambo Mbewe: Walondola mwanawe, ndipo njira yakoyi ndi yodalirika kuposa nambala ija ya mainchi. Nambala ya mainchi imasokoneza anthu pawiri. Poyamba, ndi chigawo, ndiye nambala ya pansi ikakula sensa ikuchepa: 1/2.76" ndi yaing'ono kuposa 1/1.3". Kachiwiri, inchi yake si inchi ya pa tepi ya telala. Sensa yomwe amaitcha ya inchi imodzi, monga yomwe inabwera mu Xiaomi 12S Ultra mu 2022, ukaiyeza kuchoka pa ngodya kufika pa ngodya ina ndi mamilimita 16 okha, pomwe inchi yeniyeni ndi 25.4. Kawerengedweka kanatsalira ku makamera akale a kanema omwe ankagwiritsa ntchito machubu a galasi, ndipo palibe anakakonza mpaka lero. Chosangalatsa nchakuti Xiaomi ijanso ndi ya 50MP, ngati ya Mayi Nabanda. Pa katoni nambala ndi imodzi, koma munda wake ndi waukulu kasanu ndi kamodzi.

Chikondi Mafoni: Chabwino, za sensa ndamva. Koma foni ya mayiwa ili ndi f/1.8. Ine ndikudziwa kuti f/1.8 ndi lenzi yamphamvu, ojambula maukwati amanyadira nayo. Ndiye pa lenzi palibe vuto, kusiyana kwa 1.8 ndi 1.6 ya iPhone 13 ndi kwa 0.2 basi.

Bambo Mbewe: Pamenepo pali zoona pang'ono, achimwene Chikondi. Nambala ya f ikachepa, khomo lolowera kuwala likukula, ndipo 1.8 si yoipa. Koma simuchotsera ngati mukubweza chenji. Khomo ndi lozungulira, likakula m'mimba mwake limakula mbali zonse, ndiye nambalayo muyenera kuichulukitsa ndi iyo yomwe. 1.8 imakhala 3.24, 1.6 imakhala 2.56. Kusiyana kwake ndi kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, osati ka 0.2 kaja. Mukafika pa f/2.4, yomwe mumaipeza kawirikawiri pa makamera a zumu ndi ena aang'ono a m'mbali, kuwala kwatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi f/1.8. Nchifukwa chake chithunzi cha usiku chimaipa mukangodina 0.5x kapena kusinthira ku lenzi ya zumu.

China, f/1.8 ya pa foni ndi f/1.8 ya pa kamera yanga si khomo limodzi. Nambala ya f ndi kutalika kwa lenzi kugawa ndi kukula kwa bowo. Lenzi yanga ya 50mm pa f/1.8 bowo lake ndi pafupifupi mamilimita 28, chala chachikulu chikhoza kulowa. Lenzi ya pa foni ngati ya mayiwa ndi ya mamilimita 4 kapena kuyandikira pamenepo, bowo lake ndi mamilimita awiri ndi kakang'ono, ngati mutu wa machesi. Nambala ya f imangokuuzani kuti mvula ikugwa mwamphamvu bwanji pa sikweya iliyonse ya munda. Kuti mudziwe madzi onse omwe agwa, muyenerabe kudziwa kukula kwa munda. Ziwirizi zimayendera limodzi, simungatenge chimodzi nkusiya chinzake.

Tadala: Ndiye ndigawe munda ndi nambala ya f yochulukitsidwa ija?

```
20.5 / 3.24 = 6.3
34.7 / 2.56 = 13.6
```

Ya alamu ikulandira kuwala kopitirira kawiri.

Bambo Mbewe: Ndi momwemo. Manambalawa alibe dzina, ndi ongoyerekezera makamera aakulu a mafoni awiri, poti onse amaona dera lofanana. Koma yankho la funso la mayi lagona pamenepo: pa nthawi yofanana, foni ya alamu ikutola kuwala kawiri.

Nabanda wa Zitenje: Apa ndayamba kumva. Ndiye ya 108 ija ndiisiye eti? Ndamufunsa wogulitsa dzina lake, ndayang'ana monga munandiuzira: 108 MP, f/1.8, 1/1.67", 0.64µm.

Tadala: Dikirani anti.

```
108 x 0.64 x 0.64 = 44.2
44.2 / 3.24 = 13.6
```

Eee, yafanana ndendende ndi ya alamu!

Chikondi Mafoni: Mwaona? Ndinanena ine poyamba pomwe kuti tengani ya 108. Mwazungulira ndi masamu mpaka mwafika pomwe ndinaima.

Bambo Mbewe: Hahaha, pa foni imeneyi mwapambana achimwene, ndikuvomera. Koma onani chomwe chachitika. Chigawo cha mwana aliyense ndi chomwechija cha 0.64, ndiye kuti ana 108 akwane anachita kukuza munda. Yapambana chifukwa cha munda. Mawa wina akabwera ndi foni ya 64MP ya 0.7µm nkumati ikuposa ya 50MP ya 1.0µm, lamulo lanu lija limugwetsa m'dzenje: yoyamba ndi masikweya milimita 31, yachiwiri ndi 50.

Komanso sindinganene kuti ya 108 ijambula ngati ya alamu. Mayi, pa mzere womwe munawerengawo, alembapo OIS?

Nabanda wa Zitenje: Ayi, palibe. Pa yangayinso palibe.

Bambo Mbewe: Ndiye pali chachitatu chomwe masamu a Tadala sakuona. Chithunzi chanu cha madzulo chija shata, yomwe imalola kuwala kulowa, inakhala yotsegula kwa 1/25 ya sekondi. Kwa dzanja la munthu imeneyo ndi nthawi yaitali, makamaka mukagwira foni ndi dzanja limodzi kwinaku lina likuwongola chitenje. Dzanja likanjenjemera pang'ono, malire a maluwa amapakana. Foni yokhala ndi OIS ili ndi kamakina komwe kamasuntha lenzi kapena sensa kutsutsana ndi kunjenjemerako, ndipo iPhone 13 ili nako, kake kamasuntha sensa. Ndiye imatha kusiya shata yotsegula nthawi yaitali chithunzi osachita chimbuuzi, nkutolanso kuwala kwina pamwamba pa kawiri kaja.

Mukhoza kudziwa nokha kuti vuto ndi liti. Kuzani chithunzi ndi zala ziwiri, muyang'ane m'mphepete mwa duwa limodzi. Mukaona timadontho ta mitundumitundu, makamaka pa malo akuda, ndiye kuti kuwala kunachepa. Mukaona mzere ukuoneka pawiri kapena wakokekera mbali imodzi, ndi dzanja. Mukaona posalala ngati apakapo phala, ulusi wonse utasowa, ndiye kuti foni inayesa kupukuta mchenga uja nkupukutira limodzi ndi ulusi.

Nabanda wa Zitenje: Ndakuza. Zonse zitatu zilipo bambo 😭 koma kwambiri ndi phalalo.

Mai Gondwe: Pepani ndalowerera mochedwa. Ine ndikuona ngati mukuyamikira sensa yaikulu mopitirira. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo tsiku lililonse ndimajambula malisiti ndi makalata kuti nditumize kwa abwana. Foni yanga yakale yotchipa inkajambula pepala lonse lowerengeka. Mwamuna wanga anandigulira yodula ya sensa yaikulu, ndiye ndikayandikira pa lisiti, pakati pokha ndi pomwe pamaoneka, m'mbali monse chimbuuzi. Nthawi zina imakaniratu kugwira. Mpaka ndinaganiza kuti lenzi ndi yosweka.

Bambo Mbewe: Si yosweka mayi, ndipo mwachita bwino kutchula. Umenewo ndi msonkho wa sensa yaikulu ndi bowo lalikulu. Zinthu zooneka bwino zimakhala pa mtunda umodzi wopyapyala, za kutsogolo ndi za kumbuyo kwake zimasungunuka. Pojambula nkhope timakukonda kumeneko, poti munthu amaonekera yekha, kumbuyo kuli phee. Pa lisiti lopindika ndi tsoka. Ndipo mafoni ambiri bowo lake silisintha, ndi lomwelo usana ndi usiku. Samsung anayesapo pa Galaxy S9 mu 2018, inkasintha pakati pa f/1.5 ndi f/2.4, koma mafoni otero ndi owerengeka. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo: imikani foni patali ndi pepala ngati kutalika kwa rula ya kusukulu kapena kuposerapo, mudine 2x, pepala ligone mosalala.

Mai Gondwe: Ndiyesa mawa. Komabe ine pa ntchito yangayi yakale ija inali bwino, ndisaname.

Chikondi Mafoni: Ndipo pamenepo pa 2x ndi pomwe ma megapikiseli amagwira ntchito, bambo, musabise. Foni ya 12MP ukadula pakati kuti uyandikitse kawiri umatsala ndi 3MP. Ya 50 umatsala ndi 12 yathunthu. Ine ndinajambulapo chikwangwani cha mitengo ya katundu ndili tsidya la msewu, pa 108MP, nditakuza ndinawerenga zonse. Pa 12 sizikanatheka.

Bambo Mbewe: Sindikubisa, masana dzuwa lili phwee zimathandizadi. Apple omwe anakhala pa 12MP kuyambira iPhone 6s mu 2015, koma pa iPhone 14 Pro mu 2022 anapita pa 48MP, ndipo 2x yake imachokera pa kudula pakati komweko. Ngakhale Nokia 808 ya mu 2012 inali ndi 41MP pa chifukwa chomwechi, kungoti iwo anaika pa sensa yaikulu ya 1/1.2". Chomwe ndimakana ine nchakuti 108MP ikupatsani zinthu zochuluka kasanu ndi kanayi kuposa 12MP. Sizifika. Pa sensa zophatikizazi, ma pikiseli oyandikana amakhala pansi pa kasefa ka mtundu umodzi, anayi kapena asanu ndi anayi onse obiriwira, ena onse ofiira. Mukasankha 108MP foni imachita kuganizira mitundu ya pakati. Kuwonjezera apo, kalenzi kakang'ono kaja kali ndi malire ake: kadontho kochepetsetsa ka kuwala komwe lenzi ya f/1.8 ingapange ndi kokulirapo kuposa pikiseli imodzi ya 0.64µm. Ndiye phindu lilipo, koma ndi lochepa poyerekeza ndi nambala.

Chikondi Mafoni: Lochepa kwa inu a makamera aakulu. Kwa ine chikwangwani ndinawerenga, basi.

Kondwani wa ku Joni: Apa ndili mbali ya Chikondi. Ndayesa 200MP pa zenera pompano, nambala ya galimoto yoima kutali ikuwerengeka, pa 12 ayi. Koma fayilo yake ndi yaikulu zedi, ndipo foni inaima kaye isanasunge.

Malume Jere: Mwaona, ndinanena za memore ine.

Tadala: Malume apambananso 😂 Lero aliyense akupambana.

Fatsani: Ine funso langa ndi lina. Mayiwa akuti zithunzi amaika pa WhatsApp. Kodi WhatsApp sichepetsa zithunzi? Ndimasindikiza mabanala ndi makalendala, ndipo anthu amandivutitsa ndi zithunzi zomwe alandira pa WhatsApp, amati foni yake ndi ya 64MP, ine ndikatsegula ndimapeza mbali yaitali ndi ma pikiseli 1600 kapena kucheperapo. Imeneyo ndi 2MP yosakwana nkomwe. Kuti ndisindikize A4 yooneka bwino pa 300 dpi ndimafuna 2480 x 3508, pafupifupi 9MP, ndiye 12MP yochokera mu foni mwachindunji imandikwanira ndi kutsala. Ndimawauza kuti atumize ngati Document, kapena adine HD yomwe inabwera mu 2023, ngakhale HD nayonso imafinyabe.

Bambo Mbewe: Mwagunda pamutu penipeni achimwene Fatsani. Kasitomala wa Mayi Nabanda akuona chithunzi cha 2MP pa sikirini ya m'manja. Kaya chinayamba ndi 12, 50 kapena 108, chomwe chimafika kwa iye ndi mtundu wa chitenje ndi kuyera kwa chithunzi. Mchenga ndi phala zija zimadutsa nawo pa kufinyako, pomwe ma megapikiseli owonjezera amatsala panjira.

Tsono mayi, bwererani ku manambala awiri omwe munatipatsa poyamba paja, poti ine ndi omwe andigwira mtima. Pakhonde shata inali 1/500, m'shopu 1/25. Ndiye kuti m'shopu inatsegula nthawi yotalika ka 20. ISO, nambala yosonyeza momwe foni yakuzira kuwala komwe yapeza, inachoka pa 50 kufika pa 800, kukweza ka 16. Chulukitsani 20 ndi 16, mupeza 320. Pakhonde panu pali kuwala koposa m'shopu maulendo 300 ndi kupitirira. Maso sakuuzani zimenezi chifukwa amazolowera msanga. Ife takhala tikukangana za foni yoposa inzake kawiri, pomwe pakati pa khonde ndi shopu pali 300. Mukangowonjezera babu lachiwiri lofanana ndi lomwe lilipolo, mwapeza kale kawiri kaja komwe mukufuna kulipirira pa foni ya 108. Mukasendeza chitenje kufupi ndi babu, kuchoka pa mamita awiri kufika pa mita imodzi, kuwala kogwera pa icho kumachuluka pafupifupi kanayi.

Nabanda wa Zitenje: Koma bambo katundu amafika madzulo, ndipo ndikachedwa kuika anzanga amakhala atagulitsa kale. Nthawi zinanso magetsi amakhala atazima, ndimadalira nyali ya sola. Fulashi ndinayesa, chitenje cha wakisi chimanyezimira ngati pepala la pulasitiki.

Bambo Mbewe: Fulashi isiyeni, imamenya kutsogolo ndiye kuwala kumabwerera mu lenzi momwemo. Yesani izi usiku uno musanapange chiganizo. Yalani chitenje pa tebulo. Nyali ziwiri, ina kumanzere ina kumanja, zopendekera, pafupi ngati mkono umodzi ndi theka, ndipo zikhale za mtundu umodzi, osati ina yoyera ina yachikasu, apo ayi mitundu ya chitenje isokonekera. Foni musaigwire m'manja: itsamizeni pa mulu wa zitenje kapena pa mpando, muike Timer ya masekondi atatu kuti chala chisaigwedeze. Pukutani lenzi ndi kansalu kofewa, poti mafuta a zala amabweretsa nkhungu yomwe anthu ambiri amanamizira kamera. Musasankhe 50MP, isiyeni pa 12 yake. Chitenje sichithawa, ndiye Night mode ikuthandizani: imajambula zithunzi zingapo motsatizana nkuziphatikiza, mchenga umachepa. Mukatha muonenso Details. ISO ikatsika kufika cha m'ma 200, mwaphula.

Chikondi Mafoni: Zonsezi ndi ntchito, bambo. Munthu ali ndi zitenje 30 zoti ajambule, aziyala nyali ndi kudikira masekondi atatu chilichonse? Ya 108 angotulutsa m'thumba nkujambula. Nthawi nayo ndi ndalama.

Mai Gondwe: Koma mwamva kuti ilibe OIS, ndiye kunjenjemera kukhalapobe.

Chikondi Mafoni: Kukhalapo koma kochepa, poti kuwala kukachuluka kawiri shata ikhoza kuthamanga kawiri. Si choncho bambo Mbewe?

Bambo Mbewe: Ikhoza, ngati opanga anaikonza kuti izisankha choncho. Ena amasankha kutsitsa ISO nkusiya shata pomwepo. Zimenezo simungaziwerenge pa GSMArena kapena pa katoni, ndipo ndi pomwe masamu athu amathera. Ndaonapo Pixel 4a, ya 12MP ndi sensa yosasiyana kwambiri kukula ndi ya mayiwa, ikutulutsa zithunzi za usiku zomwe mafoni a sensa yokulirapo ankalephera, chifukwa cha OIS ndi kaphatikizidwe kake ka zithunzi. Ngati mayi akufunabe kusintha, apite ndi chitenje chawo chofiira kwa wogulitsayo dzuwa litalowa, ajambule ndi mafoni onse awiri pa malo amodzi, adzitumizire pa WhatsApp, ayerekeze zomwe zafikazo. Wogulitsa akakana, ndiye kuti wawayankha kale.

Kondwani wa ku Joni: Kapena ndikutumizireni yogwiritsidwapo kale ntchito ya OIS kuchokera kuno, pa ndalama yomweyo. Kungoti batire lake sindingalumbire.

Nabanda wa Zitenje: Ndabwera ndi zotsatira. Ndabwereka nyali ya sola ya aneba, ndaphatikiza ndi yanga, foni ndaitsamiza pa katoni ya sopo. Details ikuti 1/33, ISO 250. Mchenga wachepa kwambiri, maluwa akuoneka malire, ndipo ulusi ukuoneka ndikakuza, ngakhale sunafike pa wa alamu. Chomwe chatsala ndi mtundu: chitenje chofiira chija chikutulukabe ngati cha olenji, ndipo kasitomala wina wandifunsa kale ngati ndili nacho cha olenji chomwe ndaikacho. Chimenechi ndiye ndi sensa, lenzi, kapena nyali za aneba?

Bambo Mbewe: Ndikukayikira nyali, poti ma LED otchipa ambiri amakhala osowa kuwala kofiira kwenikweni, koma foni nayo ikhoza kukhala ikusokonezeka poona chofiira chokhachokha. Ikani pepala loyera pambali pa chitenjecho kuti lilowe nawo m'chithunzi, mujambulenso. Mawa m'mawa mujambule chomwecho pakhonde, pamthunzi, mutitumizire zonse ziwiri ngati Document.

Chikondi Mafoni: Ya 108 ija ndikusungirani mpaka Loweruka ngati mungaifune kwa ine, mayi. Bwerani nacho chitenje chofiiracho, ndilibe mantha.